Manambala atatu a pa tikiti: mmene kampani yobetchetsa imadyera mpira usanayambe

Gemu iliyonse ya mpira yomwe yaikidwa pa mndandanda wa kubetcha imabwera ndi manambala atatu ondondozana. Yoyamba, pansi pa 1, ndi ya timu ya pakhomo. Yapakati, pansi pa X, ndi ya kufanana mphamvu. Yachitatu, pansi pa 2, ndi ya alendo. Obetcha amawatchula kuti maodzi, ndipo ambiri amawawerenga mwa njira imodzi yokha: ndikaika K1,000 pa 2.10, timu yanga ikawina ndilandira K2,100. Kuwerenga kumeneku nkolondola, koma kumangoona nambala imodzi payokha. Phindu la kampani silioneka mu nambala imodzi. Limaoneka mukatenga atatu onsewo nkuwaika pamodzi, ndipo masamu ake satha mphindi ziwiri pa kakyuleta ya pa foni.

Tisanafike pa manambala atatu, tiyambe ndi awiri. Mpira usanayambe, oyimbira amaponya khobidi m'mwamba kuti makaputeni asankhe mbali. Khobidi lili ndi nkhope ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mwayi wofanana ndi inzake, 50 peresenti. Anthu awiri atabetcherana pa khobidilo, aliyense nkuika K1,000, wopambana angatenge K2,000 yonse. Odzi yake ndi 2.00, ndipo palibe amene wadyapo kanthu pakati. Tsono pabwere kampani yoti izisunga ndalamazo. Siingapereke 2.00 mbali zonse, chifukwa ingamangolandira ndi dzanja ili nkupereka ndi linalo, lendi ndi malipiro a antchito osaoneka kochokera. Ndiye imaika 1.90 mbali iliyonse. Yalandira K2,000, yapereka K1,900 kwa wopambana, yatsala ndi K100. Khobidi ligwere uku kapena uko, K100 ija ndi yake. Wopambanayo amapita kwawo akusekerera, osadziwa kuti walipira. Woluza uja amadziwa kuti wadyedwa, koma amaloza khobidi.

Gawo la kampani limalowa chonchi m'maodzi onse. Silidulidwa poyera ngati msonkho wolembedwa pa lisiti. Odzi iliyonse imangofupikitsidwa pang'ono kuchoka pomwe ikanayenera kukhala. Zili ngati kosinthitsa ndalama zakunja, komwe mtengo wogulira dola ndi wogulitsira zimasiyana: palibe amene wakuberani, mitengo yonse ili pa bolodi, koma mukagula nkugulitsa pompo mubwerera ndi zochepa.

Kutembenuza odzi kukhala mwayi

Odzi iliyonse ikunena zinthu ziwiri. Ikunena ndalama zomwe mulandire, komanso ikunena mwayi womwe mtengowo ukuimira. Kuti mupeze mwayiwo, gawani 100 ndi odziyo. Odzi ya 2.00 ikupereka 50 peresenti, ya 4.00 ikupereka 25, ya 1.25 ikupereka 80. Odzi ikakhala yaing'ono, mwayi ndi waukulu.

Tiyerekeze kuti Maule ndi Manoma akumana pa Kamuzu Stadium, Bullets nkulembedwa ngati eni bwalo. Manambala awa ndi ongoyerekeza, si a kampani ina iliyonse, koma ndi amtundu womwe mungaupeze pa gemu yomwe timu imodzi ili patsogolo pang'ono: Bullets 2.10, kufanana mphamvu 3.30, Wanderers 3.40.

```
100 / 2.10 = 47.62
100 / 3.30 = 30.30
100 / 3.40 = 29.41
```

Mphindi 90 zikatha, pamodzi ndi zija oyimbira amawonjezera, chimodzi mwa zitatuzi chiyenera kuchitika, ndipo ziwiri sizingachitikire pamodzi. Palibe chachinayi. Choncho mwayi weniweni wa zitatuzi ukaphatikizidwa uyenera kukwana 100 ndendende. Koma phatikizani atatu tapezawa: akukwana 107.33. Mpira sungakhale ndi mwayi wa 107 peresenti woti utha mwa njira ina yake. Zopitirira zija, 7.33, sizikuchokera pa bwalo ayi. Zaikidwamo ndi wolemba maodzi.

Amene sakhulupirira maperesenti aone ndi ndalama. Tinene kuti munthu wafuna kutseka makomo onse atatu, kuti gemu ithe mulimonse iye alandire K100,000. Pa Bullets ayenera kuika K47,619, chifukwa ikachulukitsidwa ndi 2.10 ikubala K100,000. Pa kufanana mphamvu aike K30,303. Pa Wanderers aike K29,412. Zonse pamodzi watulutsa K107,334. Tikiti imodzi mwa atatuwo iwina ndithu, ndipo alandira K100,000. Wataya K7,334 popanda kulakwitsa kulosera, popanda tsoka, popanda chigoli chokanidwa. Imeneyo ndiyo ndalama yolowera pa chipata.

Pano pali kachinthu kamene kamasokoneza ngakhale anthu odziwa masamu. Ena amati gawo la kampani pa gemuyi ndi 7.33 peresenti, ena amati ndi 6.83, ndipo onse akunena zoona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Nambala ya 7.33 ikunena kuchuluka kwa zopitirira 100. Koma munthu wathu uja sanaike K100,000, anaika K107,334. Mukafuna kudziwa gawo lomwe latsala ku kampani pa ndalama zonse zoikidwa, mugawe 7,334 ndi 107,334, ndipo mupeza 6.83 peresenti. Njira yachidule ndi iyi:

```
100 / 107.33 = 0.9317
1 - 0.9317 = 0.0683
```

Kutanthauza kuti pa K1,000 iliyonse yoikidwa pa gemuyi, pafupifupi K932 imabwerera kwa obetcha onse pamodzi, K68 nkutsalira. Poyerekeza makampani mungagwiritse ntchito iliyonse mwa nambala ziwirizi, bola musasakanize. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa ndiyo imalankhula za m'thumba.

Nanga anthu onse akathamangira timu imodzi?

Funso limeneli ndi loyenera, chifukwa obetcha sagawikana mwadongosolo ngati munthu wathu wa makomo atatu uja. Tinene kuti pa gemu ija paikidwa K1,000,000 yonse. Ikanagawikana molingana ndi maodzi, pafupifupi K443,700 pa Bullets, K282,300 pa kufanana mphamvu ndi K274,000 pa Wanderers, kampani ikanalipira ndalama yosapitirira K932,000 zivute zitani, nkusunga pafupifupi K68,000. Pamenepo eni kampani sakanafunikira nkomwe kuonera mpirawo.

Koma mtima wa sapota sugwira ntchito choncho. Anthu amabetchera timu yomwe amaikonda, ndipo ndi ochepa amene amakonda kubetchera kufanana mphamvu, chifukwa palibe amene amavina gemu ikatha 0-0. Ndiye tinene kuti K700,000 yapita pa Bullets, K200,000 pa Wanderers, K100,000 yokha pa X. Bullets ikawina, kampani ilipira K1,470,000, kutanthauza kuti yaluza K470,000 tsiku limenelo. Wanderers ikawina, ilipira K680,000 nkutsala ndi K320,000. Akafanana mphamvu, ilipira K330,000 yokha nkutsala ndi K670,000.

Choncho nzoona kuti kampani imatha kuluza pa gemu imodzi, ndipo pamakhala masabata omwe matimu onse otchuka amawina, makampani nkulira. Koma ngati wolemba maodzi anayeza bwino mphamvu za matimu, magemu otere akachitika kambirimbiri, masiku oluza ndi masiku odya amathera pa nambala yomwe ija: K68 pa K1,000 iliyonse. Kusiyana kwake nkwakuti kampani ili ndi magemu zikwizikwi oti idikirire, pamene wobetcha ali ndi malipiro a mwezi umodzi. Ndalama zikachuluka kwambiri mbali imodzi, kapena pakamveka kuti wosewera wodalirika wavulala, kampani imatsitsa odzi ya mbaliyo nkukweza zinazo. Manambala amasuntha, koma mukawaphatikizanso mupeza kuti akadali pamwamba pa 100.

Odzi yopanda gawo la kampani

Popeza tadziwa kuti zonse zikukwana 107.33, tikhoza kuchotsa zopitirirazo kuti tione maganizo a kampani pa gemuyo. Njira yophweka ndi kugawa nambala iliyonse ndi 1.0733. Bullets ikutsika kuchoka pa 47.62 kufika pa 44.37 peresenti, kufanana mphamvu pa 28.23, Wanderers pa 27.40. Tsopano zikukwana 100. Mukazibwezera ku maodzi, pogawa 100 ndi iliyonse, mupeza 2.25, 3.54 ndi 3.65. Amenewa ndiwo maodzi akanakhalapo pakanapanda wodyerapo. Ntchito ya wolemba maodzi imayenda chobwerera: amayamba ndi mwayi, kuchokera ku mbiri ya zigoli, mphamvu za matimu ndi mitengo ya makampani ena akuluakulu, kenako nkufupikitsa 2.25 kukhala 2.10.

Kusiyana kwa 2.25 ndi 2.10 kumaoneka kochepa, koma kukusintha funso lomwe wobetcha ayenera kudzifunsa. Funso loti “kodi Bullets iwina?” silokwanira. Pa 2.10, kuti musaluze m'kupita kwa nthawi, Bullets iyenera kuwina magemu otere koposa 47.62 pa 100 aliwonse, pamene kampani ikuona ngati iwina 44. Ndiye kuti muyenera kudziwa mpira kuposa kampani, komanso kuiposa ndi mpata wokwanira kukwirira maperesenti atatu apakatiwo. Kudziwa mpira mofanana ndi kampani nkuluza pang'onopang'ono.

Njira yogawa mofananayi ili ndi chilema chake, ndipo chimaonekera pa magemu omwe timu imodzi ndi yamphamvu kwambiri. Imaganiza kuti kampani yadula odzi iliyonse ndi mpeni umodzi. Kawirikawiri sizikhala choncho. Kuyambira mu 1949, pamene Richard Griffith anafufuza kubetcha pa mijaho ya akavalo ku America, zakhala zikuoneka mobwerezabwereza kuti obetcha amalipira mopitirira pa maodzi akuluakulu, ndipo pa mpira napo zimapezeka. Anthu amakopeka ndi 11.00 kuposa 1.25, ndipo kampani nayo imaopa kulakwitsa pa odzi yaikulu chifukwa kulakwitsa kwake nkodula. Choncho gawo lalikulu limakankhidwira kwa timu yofooka.

Tione gemu ya timu yaikulu pakhomo pake ndi timu ya kumunsi kwa ligi: 1.25, 5.50 ndi 11.00. Mwayi wake ndi 80.00, 18.18 ndi 9.09, zonse pamodzi 107.27, pafupifupi chimodzimodzi ndi gemu yathu yoyamba. Mukagawa mofanana, mbali iliyonse ikuoneka kuti ikudyedwa 6.8 peresenti. Koma pali njira ina yochotsera zopitirira: gawani 7.27 patatu, mupeze 2.42, nkuchotsa 2.42 yomweyo pa nambala iliyonse. Timu yaikulu itsala ndi 77.58, kufanana mphamvu 15.76, timu yofooka 6.67. Ngati mwayi weniweni uli pamenepa, K1,000 yoikidwa pa 1.25 imabweza pafupifupi K970, yoikidwa pa 5.50 imabweza K867, ndipo yoikidwa pa 11.00 imabweza K733 yokha. Gemu ndi imodzi, zopitirira ndi 7.27 zomwezo, koma wina akulipira 3 peresenti pamene mnzake akulipira 27.

Maodzi paokha sangakuuzeni kuti mwa njira ziwirizi yolondola ndendende ndi iti, chifukwa mwayi weniweni wa gemu sulembedwa paliponse. Chomwe chikudziwika ndi mbali yomwe zinthu zimapendekera. Ndipo pasapezeke wina womva ngati 1.25 ndi yopindulitsa: K970 ikadali yochepera K1,000.

Pomwe masamu amasokonekera

Mukaphatikiza nkupeza nambala yochepera 100, musathamangire kukondwa. Nthawi zambiri ndiye kuti mwaiwala X, kapena mwatenga odzi ina m'mawa ina madzulo zitasuntha kale. Atatu onse atengedwe nthawi imodzi, pa kampani imodzi, pa msika umodzi. Samalaninso ndi magemu a chikho: 1X2 imathera pa mphindi 90, pamene msika wa timu yomwe ipitirire uli ndi mbali ziwiri zokha ndipo umawerengera nthawi yowonjezera ndi mapenate. Kusakaniza misika iwiriyi kumabala nambala yopanda tanthauzo. Mukapeza nambala ya kufupi ndi 210, mwina mwatenga msika wa 1X, 12 ndi X2, momwe chotsatira chilichonse chimawerengedwa kawiri. Pamenepo muyezo ndi 200, osati 100. Amene amaonera maodzi a ku Britain adzawapeza atalembedwa ngati 11/10. Gawani 11 ndi 10, muwonjezere 1, mupeza 2.10 yathu ija, kenako pitirizani monga kale.

Zimachitika ndithu kuti mukatola odzi yabwino kwambiri ya mbali iliyonse ku makampani osiyanasiyana, zonse pamodzi nkutsika pansi pa 100. Mipata yotere imakhala yaing'ono, imatsekeka msanga, ndipo malamulo a makampani ambiri amawalola kufafaniza tikiti ngati odzi inalembedwa molakwika moonekeratu.

Poyerekeza makampani pali msampha wina. Tinene kuti kampani yachiwiri yaika gemu ya Maule ndi Manoma ija pa 2.20, 3.20 ndi 3.20. Mwayi wake ndi 45.45, 31.25 ndi 31.25, pamodzi 107.95. Kampani imeneyi ikudya kwambiri kuposa yoyamba ija. Komabe amene watsimikiza zobetchera Bullets apeza mtengo wabwino kuno, 2.20 m'malo mwa 2.10, pamene wa Wanderers akuyenera kuthawako. Nambala ya zopitirira ikukuuzani za khalidwe la kampani pa msika wonse. Mtengo wa mbali yomwe mwasankha muyenera kuuyang'ana pawokha. Mukachita masamuwa pa magemu angapo mudzaonanso kuti magemu otchuka a Premier League ya ku England, komwe makampani amapikisana kwambiri ndipo nkhani zonse zili poyera, amakonda kukhala ndi zopitirira zochepa kuposa a maligi ang'onoang'ono. Misika ya mbali zambiri, monga kulosera zigoli zenizeni, ndiyo imanyamula zochuluka koposa, ndipo ndi anthu ochepa amene angakhale pansi kuphatikiza maodzi makumi awiri kuti aone.

Tikiti yaitali

Obetcha ambiri kwathu kuno saika gemu imodzi. Amalumikiza magemu asanu, khumi, mwina kuposerapo, kuti kandalama kochepa kabale zikwi mazanamazana. Pa tikiti yotere maodzi amachulukitsidwa, ndipo aliyense amadziwa zimenezo chifukwa ndiye chokoma chake. Chomwe sichinenedwa nchakuti gawo la kampani nalo limalowa pa gemu iliyonse.

Ngati gemu iliyonse ikubweza 0.9317 ya ndalama, monga tinapezera, magemu awiri akubweza 0.9317 kuchulukitsa ndi 0.9317, yomwe ndi 0.868. Magemu asanu akubweza 0.702. Magemu khumi akubweza 0.493. Kunena kwina, pa matikiti onse a magemu asanu kampani ikutsala ndi pafupifupi K30 pa K100 iliyonse, ndipo pa a magemu khumi ikutsala ndi yoposa theka. Sinasinthe odzi ngakhale imodzi. Wobetcha yekha ndiye wadutsa pa chipata kakhumi ndi tikiti imodzi. Zomwezi zimachitikira amene amabetcha gemu imodzi imodzi koma nkumabwezeramo zonse zomwe wawina: ndalama ikazungulira kakhumi pa maodzi otere, mwa avereji imatsala theka.

Apa mpomwe pamachokera mabonasi omwe makampani amalengeza pa matikiti aatali, aja amakula magemu akamachuluka. Bonasi ndi ndalama yeniyeni, ndipo amene wawina amailandiradi. Koma iyezeni ndi muyezo womwewu. Tiyerekeze kuti pa magemu khumi mwalonjezedwa 30 peresenti yowonjezera. Chulukitsani 0.493 ndi 1.30, mupeza 0.64. Kampani yabweza gawo la zomwe inatenga, nkutsalabe ndi K36 pa K100, kuposa kasanu zomwe ikanatenga pa gemu imodzi. Kuti tikiti ya magemu khumi ifike pongobweza ndalama yonse, bonasi yake iyenera kupitirira 100 peresenti. Kawirikawiri bonasi imabweranso ndi lamulo loti odzi iliyonse pa tikitiyo isachepere mlingo wina wake, zomwe zimakuchotsani pa maodzi ang'onoang'ono aja omwe gawo la kampani limakhala lopepuka.

Masamu onsewa sanawerengere msonkho. Ku Malawi boma limadula msonkho pa ndalama zomwe munthu wawina pa kubetcha, ndipo umenewu ndi wosiyana ndi gawo la kampani. Umabwera pamwamba pake. Kuti muuphatikize, tengani ndalama yomwe ifike m'manja mwanu msonkho utachotsedwa, muigawe ndi yomwe munaika. Yankho lake ndiyo odzi yanu yeniyeni. Ngati tikiti ya K1,000 pa 2.10 ikukupatsani K2,000 m'manja, ndiye kuti mwabetcha pa 2.00, ndipo Bullets iyenera kuwina theka la magemu otere kuti mungobweza ndalama yanu, pamene kampani ikuiyika pa 44 peresenti.